Ndalama za kampani sizinali zanga

Ndimagulitsa makope, mapepala ndi zolembera ku masukulu ndi maofesi a mu Lilongwe. Kwa zaka zambiri bizinesiyi inali m'dzina langa: ndinalembetsa dzina la bizinesi ku ofesi ya Registrar General, ndinatenga TPIN ku MRA, basi. Kenako ndinaisandutsa kampani ya limitedi, chifukwa mnzanga wina pa msonkhano wa amalonda anandiuza kuti kampani imalipira msonkho wa 30 peresenti yokha ndipo anthu amakulemekeza. Sindinakhale pansi kuwerengera. Chaka chitatha ndi pamene ndinaona mtengo wa mawu amenewo, ndipo ndikulemba izi kuti wina awerengere asanasayine.

Ndigwiritsa ntchito milingo ya msonkho ya chaka cha 2024/25, yomwe inayamba mu Epulo 2024, chifukwa ndi imene inandikhudza. Milingoyi imasintha nduna ya zachuma ikawerenga bajeti, choncho musanasankhe funsani ya chaka chino. Koma kawerengedwe kake sikasintha.

Tinene kuti phindu la chaka, mutachotsa mtengo wa katundu, lendi, mayendedwe ndi malipiro a antchito, ndi K20 miliyoni. Bizinesi ikakhala m'dzina lanu, lamulo silikusiyanitsani ndi bizinesiyo. Phindu lonse ndi ndalama zimene inuyo mwapeza, ndipo limadulidwa m'magawo ngati mmene amadulira malipiro. Chaka chimenecho K1.8 miliyoni yoyamba inalibe msonkho. K4.2 miliyoni yotsatira inkadulidwa 25 peresenti, yomwe ndi K1,050,000. Yotsalayo, K14 miliyoni, inkadulidwa 30 peresenti, yomwe ndi K4.2 miliyoni. Msonkho wonse ndi K5,250,000, ndipo K14,750,000 yotsala ndi yanu. Mutha kulipira fizi, kugula malata, kutumiza kumudzi, palibe wokufunsaninso.

Kampani ilibe gawo lopanda msonkho. Pa bizinesi ngati yanga, kwacha yoyamba ya phindu inkadulidwa 30 peresenti chimodzimodzi kwacha yomaliza. Pa K20 miliyoni yomwe ija msonkho ndi K6 miliyoni, kutsala K14 miliyoni. Apa ndi pamene mnzanga uja analekezera nkhani, ndipo ndi pamene ine ndinagwera. K14 miliyoniyo ndi ya kampani. Kuti ifike m'thumba mwanga monga mwini masheya, iyenera kutuluka ngati dividendi, ndipo dividendi inkadulidwanso 10 peresenti, yomwe ndi K1.4 miliyoni. Msonkho wonse unakwana K7.4 miliyoni, kapena 37 peresenti ya phindu. Katundu yemweyo, makasitomala omwewo, thukuta lomwelo, koma pakhomo panafika ndalama zochepera ndi K2,150,000.

Chimene chinandipweteka koposa sichinali chiwerengerocho ayi. Chaka chonse ndinkatapa ndalama ku akaunti ya kampani monga ndinazolowera: fizi ya ana, mankhwala a mayi anga, simenti ya nyumba. Nthawi yokonza mabuku itakwana, akauntanti amene ndinawalemba anayala mapepala a ku banki n'kuyamba kuloza mzere ndi mzere. "Achimwene, izi zinatuluka ngati chiyani?" Ndinayankha kuti ndi ndalama zanga. Anapukusa mutu. "Pepani achimwene, ndi za kampani. Zikamapita kwa inu zimafunika dzina: malipiro, dividendi kapena ngongole. Malipiro ali ndi PAYE yake, dividendi ili ndi msonkho wake, ndipo ngongole mudzabweza." Ine sindinadulepo PAYE kapena msonkho wa dividendi mwezi uliwonse wa chakacho. Zinalembedwa ngati ngongole, ndipo ndinakhala munthu wangongole ku kampani imene ndinaiyambitsa ndi mpamba wanga. Usiku umenewo kufotokozera mayi a kunyumba kunandivuta.

Akauntantiwo ndi amene anandionetsa njira imene ndikanayenera kuyamba nayo. Mwini bizinesi ya m'dzina lake sangadzilembe ntchito; zimene amatenga sizichotsedwa pa phindu powerengera msonkho. Koma kampani itha kulemba ntchito dayilekitala wake, ndipo malipiro akewo amachotsedwa phindu lisanadulidwe. Ndikanadzilipira K500,000 pa mwezi, ndiye kuti K6 miliyoni pa chaka, PAYE ikanakhala K1,050,000. Kampani ikanatsala ndi phindu la K14 miliyoni, msonkho wake K4.2 miliyoni. Mukaphatikiza mupeza K5,250,000, ndendende msonkho wa munthu wochita bizinesi payekha. Izi zikutanthauza kuti, pa milingo ya chaka chimenecho, pa phindu la msinkhu uwu kampani yoyendetsedwa bwino imangofanana ndi bizinesi ya m'dzina lanu, siiposa. Ndipo imafanana pokhapokha K9.8 miliyoni yotsalayo mutaisiya mu kampani kuti ioderenso katundu. Mukaitulutsa yonse, onjezani K980,000 ya dividendi. Pamwamba pa izo pali ndalama za penshoni ndi levi ya TEVETA zimene zimatsata malipiro, malipiro a akauntanti, ndi mafomu a chaka ndi chaka a ku kaundula wa makampani.

Za patinashipu ndinaziphunzira kwa mlamu wanga, amene amasoka mayunifomu ndi mnzake. Patinashipu payokha silipira msonkho wa phindu. Imapereka lipoti limodzi ku MRA, phindu limagawidwa monga mwa mgwirizano wawo, ndipo aliyense amalipira pa gawo lake. Anthu awiri ogawana K20 miliyoni pakati n'pakati, aliyense ali ndi K10 miliyoni ndi gawo lakelake lopanda msonkho. Ngati alibe ndalama zina zimene amapeza, chaka chimenecho aliyense akanalipira K2,250,000, onse pamodzi K4.5 miliyoni. Pa njira zitatuzi, iyi ndiyo yotsika msonkho.

Komatu musathamangire kulembetsa m'bale wanu kuti angokhala dzina papepala. Mnzanu wa mu patinashipu ndi mwini weniweni wa gawo lake, ndipo ngongole imene watenga m'dzina la bizinesi itha kukugulitsitsani nyumba inuyo. Chinanso, msonkho umatsata gawo lanu la phindu, osati ndalama zimene mwalandira m'manja. Mlamu wanga ndi mnzakeyo anagwirizana kusiya phindu lonse kuti aodere nsalu za chaka chotsatira, ndipo msonkho utafika aliyense anayenera kuupeza m'thumba mwake.

Kampani yanga sindinaitseke, ndipo sindinganene kuti ilibe ntchito. Lamulo la makampani la 2013 limalola munthu mmodzi kukhala ndi kampani, ndipo ubwino wake waukulu ndi woti ngongole za bizinesi zimathera pa katundu wa kampaniyo, ngakhale ku banki amakusayinitsanibe kuti mudzalipira nokha kampani ikalephera. Ngati mukutenga maoda aakulu pa ngongole, ngati mukufuna kulowetsa anthu ena a mpamba, ngati phindu lambiri mumalisiya mu bizinesi, kampani ikuyenerani. Koma zifukwa zimenezi si za msonkho. Kwa munthu amene phindu lake lonse limathera pakhomo, monga ndinalili ine, limitedi imangowonjezera msonkho wachiwiri.

Lero kampani imandilipira pa 25 mwezi uliwonse, PAYE imapita ku MRA kudzera pa Msonkho Online, ndipo fizi imachokera ku akaunti yanga, osati ya kampani. Ngongole ija ndikubwezabe pang'onopang'ono kuchokera m'malipiro omwewo.