“Tadzuka bwino, kaya inu?”

Mwezi wathawu, titangotuluka mu Swala ya Ijumaa, mmodzi mwa akuluakulu a komiti ya mzikiti anatiitanira pambali ife aphunzitsi. Dandaulo lawo linali lakuti anyamata athu atatu a Fomu 2 anawadutsa pakhonde la sitolo masana ena osanena kanthu. Sanawanyoze kapena kuwaseka, anangodutsa ngati akudutsa chitsa. Titawaitana anyamatawo Lolemba, mmodzi anayankha mosabisa kuti: “Koma aphunzitsi, tinali titawapatsa kale moni m’mawa. Tinkadziwa kuti ali bwino. Ndiye tikanawafunsanso chiyani?”

Poyamba tinafuna kuseka, kenako tinaona kuti mwanayo sanayankhe mwachipongwe. Moni akanakhala funso lofuna kudziwa za thupi la munthu, kufunsa kamodzi patsiku kukanakwanira ndithu. Koma ntchito ya moni ndi ina, ndipo nafenso aphunzitsi tinaphonyapo pa nkhani yomweyi, monga mumve m’munsimu.

Taganizirani zimene timanena tsiku lililonse. Mayi ali pamjigo, sopo ali m’manja, zovala zili m’beseni, ife timafunsa kuti, “Mukuchapa?” Iwo amayankha kuti, “Eee, tikuchapa.” Mlendo waima pakhomo pathu tikumuona ndi maso, timati, “Mwabwera?” Tikakumana ndi mnzathu pamsika wa Tsangano atasenza thumba la kachewere timati, “Mulipo?” ndipo iye amati, “Tilipo.” Palibe chatsopano chimene wina wamva pa mafunso onsewa. Ofunsa akudziwa kale yankho, ndipo oyankha akudziwa kuti ofunsawo akudziwa. Chimene chanenedwa pamenepo n’chakuti: ndakuonani, ndinu munthu kwa ine, pakati pathu palibe chifukwa.

Mungayese nokha kuti muone kuti ndi zoona. Munthu akakufunsani kuti “Mwaswera bwanji?” panjira, inu n’kuyamba kumufotokozera za msana, za mano ndi za ngongole ya feteleza, amayamba kuyang’ana uku ndi uku, chifukwa mwayankha funso limene sanafunse. Chimodzimodzi tikapeza anzathu akudya n’kutiuza kuti, “Tiyeni tidye,” pamene nsima yatsala mtanda umodzi. Timati, “Zikomo, pitirizani,” ndipo onse takhutira. Iwo sanatimane, ife sitinawalande.

Akatswiri a zinenero ali ndi dzina la kayankhulidwe kotere. Bronisław Malinowski, wa ku Poland, anakhala pakati pa anthu a pazilumba za Trobriand, kufupi ndi New Guinea, m’zaka za nkhondo yoyamba ya dziko lonse. M’chaka cha 1923 analemba za mawu amene ntchito yake ndi kumanga ubale osati kupereka nkhani, ndipo anawatcha mawu a “fatiki”, kuchokera ku liwu la Chigiriki lokhudza kuyankhula. Iye anaona kuti munthu wongokhala chete pamaso pa anzake amaopsa, chifukwa sadziwika ngati wabwera ndi mtendere kapena ndi chiwembu. Ife kuno ku Ntcheu tinkazidziwa kale zimenezi popanda dzina lake. Munthu wolowa pakhomo osanena “Odi” timamuyesa wakuba, ngakhale ali m’bale wathu.

Chipembedzo chathu chimaionetsa nkhaniyi poyera kwambiri, chifukwa salamu si funso n’komwe. “Asalamu alaikumu” ndi duwa, kupemphera kuti mtendere ukhale pa mnzathu. Kurani yolemekezeka, mu Sura ya 4, An-Nisa, ndime 86, imatilamula kuti tikapatsidwa moni tibweze ndi woposa, apo ayi wofanana naye. N’chifukwa chake wina akangonena salamu ya mtendere, ife timawonjezera chifundo cha Allah, ndipo akanena za chifundo timawonjezera madalitso. Mahadisi a Mtumiki Muhammad, mtendere ndi madalitso zikhale pa iye, amafotokozanso woyenera kuyamba: wamng’ono ayambe kwa wamkulu, woyenda kwa wokhala pansi, wokwera kwa woyenda pansi, gulu lochepa kwa gulu lalikulu. Amatiletsanso kunyanyalana ndi m’bale kupitirira masiku atatu, ndipo amati wabwino mwa awiriwo ndi amene wayamba kupereka salamu. Onani kuti mkangano wa anthu awiri umayezedwa ndi moni. Tonse tikudziwa kuti m’mudzi mwathu mawu oti “sapatsana moni” amatanthauza kuti zinthu zafika poipa.

Choncho anyamata athu aja, mwa awiri mwa malamulowa, ndi amene anayenera kuyamba: anali ana, anali oyenda, ndipo mkuluyo anali atakhala pansi. Moni wa m’mawa anagwira ntchito ya m’mawa. Masana anafunika wake, ngakhale “Zikomo” yekha ndi kuwerama pang’ono podutsa.

Tsopano tinene kulakwa kwathu ife. Teremu yachiwiri ya chaka chatha, nthawi ya dzinja, tinali ndi mtsikana wa Fomu 3 amene ankayenda mtunda wautali kuchokera kumudzi wina wa m’mbali mwa msewu wa M1. Anali mwana wansangala. M’mawa uliwonse tikamufunsa ankayankha mokwanira kuti, “Ndadzuka bwino, kaya inu madamu?” Kenako yankho linayamba kufupika. Sabata ina linali “Ndadzuka bwino” basi, popanda “kaya inu”. Sabata yotsatira linali “Bwino,” maso ali pansi. Ife tinamva liwu loti “bwino” n’kukhulupirira kuti zonse zili bwino. Tinachita zomwe anachita mnyamata wa Fomu 2 uja: tinautenga moni ngati lipoti la zaumoyo.

Atajomba masiku atatu otsatizana, awiri mwa ife tinapita kwawo Loweruka. Tinaima chapatali n’kunena “Odi.” Agogo ake anatuluka, anayankha “Odini,” anatiyalira mphasa pansi pa mtengo wa mango n’kubwerera m’nyumba osatifunsa chilichonse. Patapita kanthawi anabweranso, anagwada, n’kutipatsa moni mmodzimmodzi. Kenako mayi ake a mtsikanayo anatuluka atatsamira paphewa la mwana wawo, ataonda moti chitenje chinkachita kuwazungulira kawiri. Titawafunsa kuti adzuka bwanji anati, “Tadzuka, kaya inu anzathu?” Liwu loti “bwino” panalibe. Titafunsanso za ana ndi za pakhomo ponse, anati, “Pang’ono choncho.”

Moni atatha, agogo aja anati, “N’kwabwino kodi?” Apa ndi pamene panayambira malonje. Ife tinafotokoza kumene tachokera, mmene tayendera ndi chimene tabwerera. Iwo anabwereza mawu athu mwachidule, monga mwa mwambo, kenako n’kufotokoza zawo. Mayiwo anali atadwala masabata atatu. Mtsikana wathu ndiye ankaphika, kusamalira abale ake aang’ono awiri, kupalira kumunda, ndipo masana ankakhala pamsewu kugulitsa tomato kuti apeze ndalama ya thiransipoti yopitira kuchipatala.

Pobwerera tinaona kuti pa ulendowu panali zinthu ziwiri zosiyana zimene makolo athu sankazisokoneza. Moni amatsegula khomo, ndipo yankho lake limadziwika kale. Malonje ndiye amanyamula nkhani, ndipo amafuna mphasa ndi nthawi. Munthu wodwala akanena kuti “Tadzuka bwino” panjira sananame, wangokana kukusenzetsani katundu musanakhale pansi. Komabe moni amene yankho lake limadziwika kale ndiye amathandiza kuzindikira vuto, chifukwa likasintha pang’ono pokha timamva. “Bwino” akasowa, “kaya inu” akasowa, “pang’ono” kapena “choncho” akalowapo, munthuyo akutiuza kuti tikhale naye pansi. Mtsikana wathu anatiuza zimenezi kwa masabata awiri, ife osamva.

Amene anamva anali mayi wina woyandikana nawo nyumba, Mngoni wopemphera kutchalitchi. Iwo sankapatsana salamu ndi banjali, koma m’mawa uliwonse posesa ankaitana kuseri kwa mpanda kuti, “Mwadzuka uko?” ndipo yankho linkabwera. Tsiku limene yankho linachokera kwa mwana m’malo mwa mayi, anasiya tsache n’kukagogoda. Kuyambira tsiku limenelo ankabwera ndi phala m’mawa. Kwa zaka zambiri “Mwadzuka uko?” wawo ankaoneka ngati wopanda ntchito, koma ndi amene anachititsa kuti tsiku la mavuto alowe m’nyumbamo popanda kuyamba adzifotokoza kuti ndi ndani ndipo akufuna chiyani.

Nkhani ya mayiyu itikumbutse kuti m’boma lino Asilamu ndife ochepa, ndipo ambiri mwa amene timatunga nawo madzi, kugula nawo pamsika ndi kukwera nawo minibasi ndi a mipingo ina. Mwana wathu akamapereka salamu mokweza kwa ovala kofiya n’kudutsa mwakachetechete agogo a Chingoni okhala pakhonde lomwelo, agogowo amamva uthenga umene mwanayo sanafune kutumiza. Moni wa Chichewa ngwa tonse. Ndipo amene akudziwa mfunda wa agogowo n’kuwathokoza nawo, kaya ndi a Maseko kaya ndi Nangozo, wawalemekeza koposa.

Kwa inu ophunzira, “Bho” ndi “Shapu” amene mumapatsana pabwalo la mpira ndi moni ndithu, ndipo amagwira ntchito yomweyi pakati panu. Vuto limabwera mukamupereka kwa a Shehe kapena kwa azakhali anu, chifukwa moni amanenanso kuti mukumuona munthuyo ngati ndani. Kwa inu makolo, mwana akabwera kuchokera kusukulu n’kuyankha “bwino” wouma masiku angapo, musakhutire naye. Mudikireni adye, kenako mufunseni malonje. Ife aphunzitsi tagwirizana kuti mwana amene moni wake wasintha kwa sabata yathunthu, mphunzitsi wa kalasi yake azimuitana payekha n’kukhala naye pansi, osadikira kuti ayambe kujomba.

Mtsikana uja anabwerera kusukulu mayi ake atayamba kupeza bwino, ndipo akomiti anathandiza banjali ndi ufa pa masabata ovutawo. Chaka chino ali Fomu 4, akukonzekera mayeso a MSCE. Anyamata atatu aja anapita okha kukapepesa kwa mkulu wa komiti. Iye akuti sanawalalatire. Anangowapatsa salamu, iwo n’kubweza ndi yowonjezera, kenako anawafunsa kuti makolo awo adzuka bwanji, ngakhale anali atapemphera nawo limodzi Swala ya m’bandakucha tsiku lomwelo.