Dontho lomwe linagwera mu nsima

Linali dontho limodzi chabe, lakuda ngati uchi wopserera, koma linagwera pakati pa poto wa nsima Lachisanu madzulo. Tinayang'ana kumwamba tonse atatu. Sefa ya hudi, chokoka utsi chija chili pamwamba pa sitovu, inali italendewera timadontho tina tambiri tomwe tinali kudikira nthawi yake.

Nyumba tichita lendi kuno ku Shimabala, pafupi ndi tolgeti ya pamsewu wa Lusaka kupita ku Kafue. Mwini wake anaikamo hudi pomanga, ndipo ife tinangoiyesa chokongoletsa. Chaka chathunthu takhala tikukazinga pansi pake vitumbuwa vogulitsa ndi nsomba za mu Kafue, osaitsegulako n'kamodzi komwe. Ndipo amai eni nyumba anali atanena kuti abwera pakutha kwa mwezi kudzaona nyumba. Dipoziti yathu ili m'manja mwawo.

Masefa alipo awiri, a aluminiyamu, olukidwa ngati neti yothinana. Yoyamba tinaiwononga tokha. Mnzathu wina anati kositiki soda, uja wotsegulira mapaipi, amaliza ntchito msanga. Tinamumvera. Madzi anayamba kuchita thovu, tinasangalala kuti mafuta akuchoka, koma chomwe chinali kudyeka ndi chitsulo chenicheni. Kositiki amadya aluminiyamu, ndipo thovu lija ndi mpweya wa haidirojeni, womwe umayaka ukakumana ndi moto, pomwe mbaula inali pafupi pomwepo. Sefa inatuluka yotuwa mothimbirira, mawaya ake ena atapyapyala. Mankhwala ambiri otsukira uvuni ali ndi kositiki yemweyu, choncho nawonso sayenera kufika pa sefa ya mtunduwu.

Yachiwiri tinaigwira modekha. Tinazimitsa hudi pakhoma, n'kukanikiza kachogwirira kuti sefa itsike. Chimene tinazindikira pamenepa n'chakuti zomata zija si saladi wamba ayi. Mafuta akatenthedwa mobwerezabwereza ndi kukhala pamphepo miyezi yambiri amauma n'kukhala ngati vanishi. N'chifukwa chake sopo ndi madzi ozizira zimangoterereka pamwamba. Chimafewetsa ndi kutentha ndi nthawi, osati mphamvu za manja.

Tisanainyowetse, tinapaka saladi watsopano pang'ono m'mbali mwake momwe munali mokhuthala kwambiri. Zimamveka zopusa kuthira mafuta pa mafuta, koma atsopano amasungunula akale. Patapita mphindi 10 tinapala ndi kadi yakale ya pulasitiki ndi kupukuta ndi nyuzipepala. Zambiri zinachokera pamenepo.

Malaiti anali atapita, motero madzi tinawiritsa pa mbaula, malita 10. Tinawathira m'bafa lachitsulo lomwe sefa imagonamo yonse, popeza theka likatsala kunja pamatsala mzere. Tinaikamo masupuni awiri a sopo wamadzi wotsukira mbale, kenako theka la kapu ya soda, yemwe uja tiika mu delele. Soda amathiridwa pang'onopang'ono, chifukwa m'madzi otentha amafufuma ndipo angakutayikireni pamapazi. Iyeyu ndi wofatsa poyerekeza ndi kositiki, koma nayenso angathimbiritse aluminiyamu mukaisiyamo usiku wonse. Ife tinaisiya mphindi 30.

Madzi anasanduka ngati tiyi wa mkaka, mafuta atayandama pamwamba. Tinakwecha ndi mswachi wakale mbali zonse ziwiri, mosakanikiza kuti neti isapindike. Sitiluwulu tinaikana, imang'amba mawaya ndi kusiya tizidutswa mkati. Titaiyang'anitsa padzuwa, pakati panali kuwala koma m'makona munali mdima, ndipo chala chinali kumatabe. Tinawiritsa madzi ena n'kubwereza. Ulendo wachiwiri kuwala kunadutsa paliponse.

Madzi akuda aja sitinawathire mu sinki. Mafuta akazizira amagwirana m'paipi, ndipo kuno zonse zimathera mu sepitiki ya kuseri kwa nyumba. Tinawasiya azizire, tinayengula mafutawo kuika m'chitini, otsalawo tinataya padothi kutali ndi dimba.

Kuseri kwa masefa tinapezako kena kakuda kozungulira, kodzaza timakala. Mahudi omwe satulutsa utsi panja amakhala nako kuti kayamwe fungo. Kameneko sikatsukidwa, kakatha kamasinthidwa, ndipo tinakasiya momwemo.

Sefa inauma padzuwa masana onse, chifukwa kuibwezera yonyowa ndi kutumiza madzi ku mota. Malaiti atabwera tinayatsa hudi ndi kuika tishu pansi pake. Kumbali yotsukidwa bwino tishu inamamatira yokha. Kumbali ya kositiki inamamatiranso, koma maonekedwe ake sabisika.

Amai eni nyumba atabwera sitinadikire kuti aone okha. Tinawaonetsa.

"Ana inu, ndani anakuuzani za kositiki?"

"Pepani amai, tidzagula ina."

Anatenga sefa yowonongekayo kuti akayezere saizi ku Lusaka, ndipo anati mtengo wake adzauika pa lendi ya mwezi wamawa. Za dipoziti sanatchule. Pa kalendala wa m'khitchini talemba kale Loweruka loyamba la mwezi uliwonse.