Mawu Ochepa kwa Banja Lomwe Latha Zaka 50

Adzukulu anga, ndi inu nonse okonda miyambo yathu, makolo akale sankawerenga zaka za ukwati. Mukafunsa gogo kuti analowa liti m'banja, ankayankha kuti, "Njala ya 1949 inatipeza tili ndi ana awiri," inu n'kudziwerengera nokha. Kuwerenga zaka kunadza ndi kaundula wa ku tchalitchi ndi mtchatho wa kwa DC, ndipo pambuyo pake kunadzanso mwambo wotcha zaka 25 kuti za siliva, 50 za golide, 60 za dayamondi. Mwambowu taulandira, koma unabwera wopanda mawu athu. N'chifukwa chake mwana wodziwa kulemba kalata ya ntchito ya masamba awiri amangogwira cholembera osadziwa poyambira akafuna kulembera agogo ake mizere isanu yokha.

Mizere isanuyo si yochepa monga ionekera. Pa chikondwerero chotere khadi siliwerengedwa mumtima. Amalipereka kwa woyendetsa mwambo, iye n'kuliwerenga mokweza akuchimuna ndi akuchikazi ali pomwepo, atsogoleri a mpingo akumva, ankhoswe ngati akadali moyo akumvanso. Likatha kuwerengedwa, agogo amalipinda n'kuliika m'Baibulo kapena pansi pa sutikesi, ndipo tsiku lina mmodzi wa awiriwo adzaliwerenga ali yekha. Wolemba ayenera kukumbukira makutu onsewo.

Ku koleji ya aphunzitsi tinkaphunzira kuti kalata ili ndi keyala, tsiku, malonje, thunthu ndi mathero, ndipo ndinaphunzitsa zimenezo kwa zaka zambiri. Uthenga wa mtundu uwu ndi waufupi kuposa kalata, koma mafupa ake ndi atatu: kutchula eni tsiku moyenera, kunena chinthu chimodzi choona chomwe anachita ali awiri, ndi kuwafunira chabwino chomwe angachilandire. Ndikuonetsani ndi chitsanzo cha banja loyandikana nalo, lomwe ndingolitchula ndi mifunda yokha, aMbewe ndi aNaphiri.

Bambowo anali ku migodi ya ku Joni. M'mwezi wa Epulo 1974 ndege yonyamula anthu ogwira ntchito m'migodi inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, boma lathu n'kuimitsa ulendo wa Wenela. AMbewe anabwerera kumudzi chaka chomwecho, namanga banja chilimwe chisanathe. Choncho mu 2024 zaka zinakwana 50. Mdzukulu wawo wina, mtsikana yemwe analeredwa m'nyumba mwawo mayi ake atamwalira, anandibweretsera pepala kuti ndilione. Analemba motere:

"Okondedwa agogo, mwachita bwino kupirirana zaka 50. Banja ndi kupirira. Mulungu akupatseni zaka zina 50."

Mtima wa mwanayo unali wabwino, ndipo palibe liwu limene analilemba molakwika. Koma mzere uliwonse unali ndi munga wake.

Tiyambe ndi malonje. "Agogo" ndi mawu aulemu, koma amakwana munthu mmodzi ngakhalenso awiri, ndipo womvera sadziwa ngati agogo aakazi awerengedwa. Pa tsiku la anthu awiri, aliyense amve kuti watchulidwa. Dzina la ubwana la munthu wamkulu sititchula; timagwira mfunda. Ambiri amalemba "Bambo ndi Mayi Mbewe," ndipo pa envulopu kapena pa chilengezo cha ku mpingo zimenezo n'zoyenera. Koma m'kati mwa uthenga, "Mayi Mbewe" amameza mtundu wonse wa mayiyo. Ukati "aNaphiri," alongo awo ndi ana a alongo awo okhala kumbali yakuchikazi amamva kuti mwana wawo sanatayike m'dzina la mwamuna. Kwa ife a chikamwini, komwe mwamuna ndiye ankapita kukakhala kwa mkazi, ulemu umenewu ndi wolemera ndithu.

Kenaka pali "mwachita bwino." Awa ndi mawu amene ine ndinkalemba ndi inki yofiira pansi pa ntchito ya mwana wa Sitandade 6. Amatsika kuchoka kwa wamkulu kupita kwa wamng'ono. Mnzawo wa aMbewe wa msinkhu umodzi angawanene akugwirana nawo chanza, nkhoswe angawanenenso, koma mdzukulu sachonga agogo ake. Wamng'ono ali ndi mawu ake okwera: "tikukondwera nanu," "tikukunyadirani," "tikuthokoza Mulungu chifukwa cha inu." Onani kuti onsewa akunena za mtima wa wolemba, osati kupereka malikisi kwa wolandira. Onaninso kuti ali ndi "ti-" osati "ndi-". Ngakhale cholembera chili m'dzanja limodzi, munthu amalankhulira nyumba yake, ndipo mkamwini kapena mtengwa polembera apongozi sayenera kuima yekha m'kalata. Alembe pamodzi ndi mnzake wapabanja, ndipo dzina la mwana wa eni tsikuwo litsogole.

Munga waukulu unali pa mawu oti "banja ndi kupirira." Mawuwa ndi oona, koma malo ake ndi m'nyumba ya alangizi, pomwe mkwatibwi akukonzedwa kulowa m'banja, kapena pa mphasa ya ankhoswe awiriwo atayambana. Mukawanena pamaso pa khamu kwa anthu amene atha zaka 50, aliyense amadzifunsa kuti wopirirayo anali ndani, nanga wopiriridwayo ndani. Maso onse amatembenukira kwa bambo, amayi achikulire n'kuyamba kukodolana. Mwatsegula mlandu womwe eni ake anautseka kalekale. Njira yodziwira mwambi woyenera ndi iyi: muuwerenge mokweza, kenaka mudzifunse ngati ukukweza onse awiri kapena ukukweza mmodzi pogwetsa mnzake. "Sunga khosi, mkanda woyera udzavala" ndi wokoma kumva, koma ukunena za mavuto amene wina anawasenza podikira mphotho. "Ukwati ndi anthu awiri, wachitatu ndi kapasule" umaitanira mlendo pa phwando lomwe sanaitanidwe. Koma "mutu umodzi susenza denga" umapatsa aliyense mbali yake ya denga, ndipo palibe wochita manyazi.

Ngakhale mwambi woyenerawo uli ndi kagwiridwe kake. Mwambi ndi chida cha akulu, ndipo mwana akauponya kwa agogo ake zimamveka ngati akuwalangiza. Choyenera ndi kuubwezera kwa eni ake: "Munkatiuza kuti mutu umodzi susenza denga." Potero mwanayo sakuphunzitsa, akungoonetsa kuti anamva. Mwambi ukhale umodzi. Iwiri ikakhala m'mizere isanu, uthenga umasanduka mayeso a Chichewa.

Tsono ndinafunsa mtsikanayo kuti, "Kodi n'chiyani chimene agogo ako anachita ali awiri, chomwe iwe unachiona ndi maso ako?" Anakhala chete kanthawi, kenaka anakumbuka njala ya 2002. Anali wamng'ono. Pakhomopo panali anthu asanu ndi anayi, ena ana amasiye a abale. Agogo aamuna ankapalasa njinga kukafola pa mzere wa chimanga kusanache, agogo aakazi n'kumasakaniza ufa wochepawo ndi gaga kuti mphika ukwanire, ndipo awiriwo ankadya pomalizira. Ndinamuuza kuti thunthu la uthenga wake ndi limenelo. Mawu onga "ndinu chitsanzo chabwino" angalembedwe kwa banja lililonse m'dziko muno, koma za njinga ndi gaga ndi za aMbewe ndi aNaphiri okha.

Posankha chinthu chimodzicho pali malire. Musawerenge ana pokhapokha mukudziwa bwino mbiri ya nyumbayo, chifukwa mukati "ana asanu" mayi amene anabereka asanu ndi awiri amawerenga awiri otsalawo mumtima, ndipo pali mabanja ena okhalitsa amene sanapatsidwe mwana konse. Za kukomana kwawo ali achinyamata ndi za chikondi cha m'nyumba musiyire anzawo a msinkhu wawo. N'zoona kuti mwambo wathu umalola mdzukulu kuseleula ndi agogo, mpaka mnyamata kuwatcha agogo aakazi kuti mkazi wake, koma nthabwala zotere zimakoma pakamwa, pakhonde; zikawerengedwa ndi munthu wina pa chimkuzamawu zimasanduka mwano. Musaikemo pempho lililonse, ngakhale la fizi. Ndipo mawu oti "chikumbutso" musawasiye okha, popeza ambiri akawamva amaganiza za mwambo wokumbukira omwalira, nenani kuti "zaka 50 za banja lanu."

Chotsala chinali mafuno. "Zaka zina 50" kwa anthu amene adutsa zaka 70 ndi mawu amene onse akudziwa kuti sangachitike, ndipo amakumbutsa chomwe aliyense akuyesa kuiwala tsikulo. Funirani okalamba zimene iwo eni amapempha m'mapemphero awo: thanzi, mtendere pakhomo, kuona zidzukulutuvi, ndi kukhalabe limodzi. Mawu oti "limodzi" ndiwo amalemera koposa, pakuti mantha a anthu amene akhala zaka 50 pamodzi ndi kusiyana.

Titakambirana zonsezi, mtsikanayo analemba yekha motere:

"Kwa agogo athu aMbewe ndi agogo athu aNaphiri. Tikukondwera nanu lero pamene mwakwanitsa zaka 50 za banja lanu. Munkatiuza kuti mutu umodzi susenza denga, ndipo tinaziona tokha mu 2002, pamene wina ankapalasa njinga kukafuna chimanga, wina akugawa mphika, inu awiri n'kumadya pomalizira. Ife amene tinakulira pansi pa denga limenelo tikuti zikomo. Mulungu akusungeni limodzi, athanzi, muone ana a ana athu. Ndife adzukulu anu."

Pomwe uthengawu unkawerengedwa, aNaphiri anaphimba nkhope ndi nsonga ya chitenje, aMbewe n'kunena chapansipansi kuti njingayo ikadalipo kuseri kwa nkhokwe. Anthu anaseka, ntchembere zinalulutira. Palibe amene anayang'ana mnzake mofunsa.

Kaperekedwe nakonso ndi gawo la uthenga. Lembani ndi dzanja lanu, zilembo zazikulu bwino, chifukwa maso a eni ake atopa. Ikani tsiku ndi chaka pamwamba, kuti odzalipeza m'tsogolo adzadziwe. Ngati mulipo, perekani ndi manja awiri, mutagwada kapena mutanjuta monga mwa mwambo wa kwanu, ndipo muliike pakati pa awiriwo, osati m'dzanja la mmodzi. Ngati muli kutali ndipo mwatumiza pa lamya, pemphani mbale amene ali pafupi kuti akopere papepala ndi kuwawerengera onse awiri atakhala pansi. Uthenga wa pa lamya umapita lamyayo ikatayika, koma pepala limagona m'Baibulo zaka zambiri.

Adzukulu anga, ngati pakhomo panu pali okalamba amene zaka zawo zikuyandikira, musadikire mmawa wa phwando kuti muyambe kufunafuna mawu. Khalani nawo pansi tsopano, muwafunse za chaka chimene anamanga banja ndi zimene anadutsamo. Chinthu chimodzi choti mudzalembe chidzatuluka m'kamwa mwawo momwemo.