Tsamba 4 lili kuti?

Ndikalandira chikalata cha masamba angapo, ndimayamba ndawerenga manambala a m'munsi ndisanawerenge mawu. Mawu amanyenga. Tsamba lina likasowa, mutu umalumikiza wokha zimene zatsalazo, ndipo munthu umaona ngati wamva zonse. Nambala ilibe ulemu wotero: ikachoka pa 3 n'kufika pa 5, yakuuza kuti pali zimene sunaone.

Chaka chatha ndinkafuna nyumba ya lendi ku Zomba. Eni ake, mayi achikulire, ananditumizira pangano la lendi pa foni, atajambula tsamba lililonse palokha. Anati ndiwerenge, kenako nditumize dipoziti ya miyezi itatu tsiku lomwelo chifukwa ena ankaifunanso nyumbayo. Zithunzi zinafika zisanu: tsamba 1, 2, 3, 5 ndi 6.

Nambala ikadumpha chonchi sindithamangira kuganiza zoipa. Nthawi zina wotayipa amangolakwitsa nambala, chikalatacho chili chathunthu. Kuti ndidziwe, ndimawerenga mzere womaliza wa tsamba 3 pamodzi ndi mzere woyamba wa tsamba 5. Akalumikizana bwino, palibe chasowa. Apa sizinali choncho. Tsamba 3 linathera pakati pa ndime 9, pa mawu akuti “wobwereka nyumba adzalipira”, ndipo tsamba 5 linayambira pa ndime 14, yonena za ziweto. Ndiye kuti mchira wa ndime 9 ndi ndime zina zinayi zathunthu zinali kwina. Adzalipira chiyani? Yankho linali pa tsamba losowalo.

Ndinayesanso kuganizira mmene linasowera. Chikalata chosindikizidwa mbali zonse ziwiri chikajambulidwa mbali imodzi yokha, masamba a kumbuyo amasowa onse, n'kutsala 1, 3 ndi 5. Ine ndinali ndi 2 ndi 6, choncho vuto silinali limenelo. Mwina mayiwo anaiwala kutembenuza pepala limodzi, mwina chithunzi chimodzi chinakanika kupita chifukwa cha netiweki. N'zothekanso kuti munthu abise dala tsamba, koma zithunzi sizingakuuze zimenezo. Mwayi wake ndi wakuti pempho ndi limodzimodzi, kaya linasowa mwangozi kaya mwadala.

Chovuta n'chakuti kufunsa munthu wamkulu za tsamba losowa kumamveka ngati ukumunena kuti ndi wachinyengo. Ambiri amangokhala chete poopa zimenezo. Ine ndinaona kuti ulemu uli m'kutchula zinthu mwachindunji, popanda kufunsa chifukwa chake. Ndinalemba kuti: “Mayi, zikomo kwambiri chifukwa cha mapepala aja. Kuno afika masamba asanu, 1, 2, 3, 5 ndi 6. Tsamba 3 lathera pakati pa ndime 9, pomwe tsamba 5 layambira pa ndime 14. Chonde munditumizireko tsamba 4. Ndikangoliwerenga tikambirana za dipoziti.”

Ndikadangonena kuti “zina sizinafike”, akadatha kutumizanso zithunzi zisanu zomwezo, ine n'kukhala pomwe ndinali. Kutchula nambala ya tsamba ndi ya ndime kunawasonyeza pofunika kuyang'ana. Chiganizo chomalizacho chinanena mofatsa kuti ndalama idikira kaye.

Anayankha madzulo: “Pepa mwanangu, linatsalira kumbuyo kwa linzake.” Tsambalo litafika, ndinaona kaye ngati likulumikizana mbali zonse ziwiri. Linayamba ndi kumaliza ndime 9, n'kuthera pa ndime 13, ndipo zilembo zake zinali zofanana ndi za masamba enawo. Mawu otsalawo ankati wobwereka adzalipira ngongole yonse ya madzi imene aipeze pa nyumbayo. Ndime 12 inkati wotuluka asanapereke notisi ya miyezi itatu sadzabwezeredwa dipoziti.

Za notisi ndinavomera. Za madzi ndinapempha kuti tiwerengere limodzi mita pa tsiku lolowa, ndipo ine ndiyambire pamenepo. Mayiwo sanakane. Tinakonza ndime 9 ndi cholembera, tonse tinasaina pambali pake, kenako tinasaina m'munsi mwa tsamba lililonse mwa masamba 6 aja. Siginecha ya pa tsamba lomaliza lokha siteteza masamba a pakati, chifukwa lina likhoza kuchotsedwa kapena kusinthidwa pambuyo pake.

Komabe manambala ali ndi malire ake. Amaulula tsamba losowa pakati, koma sanena kanthu za losowa kumapeto. Chikalata cha masamba 7 chikafika ndi 6, manambala amayenda bwinobwino kuchokera pa 1 mpaka 6. N'chifukwa chake ndimaonanso ngati tsamba lomaliza lili ndi malo osainira, ndipo ndimafunsa wotumiza kuti onse pamodzi ndi angati. Ine ndikamatumiza zanga, ndimalemba m'munsi kuti “tsamba 3 mwa 6”, kuti wolandira athe kudziwerengera yekha popanda kuchita manyazi kundifunsa.