Maliro adalowa m'mapepala

Pamene ndinkakula ku Dedza m'zaka za m'ma 1970, maliro adali nkhani ya mudzi wonse, osati ya nyumba imodzi. Munthu akatsikira kuli chete, uthenga unkayamba wafika kwa amfumu, kenaka tchire la masamba linkaikidwa pamsewu. Adzukulu ankalawirira kumanda ndi makasu. Amayi ankabwera ndi ufa m'mbale ndi nkhuni pamutu. Bokosi ankakhoma amisiri a m'mudzi momwemo, ndipo matabwa akasowa ankazula chitseko. Namfedwa ntchito yake idali kulira basi. Palibe ankamufunsa ndalama, ndipo palibe ankamufunsa pepala.

Zinthu zidayamba kutembenuka m'zaka za m'ma 1990, pamene Edzi idatipulula. Maliro adachuluka mpaka midzi idatopa, ndipo ku Mchesi mu Lilongwe mabokosi adayamba kuyalidwa m'mphepete mwa msewu. Ambiri tidali titasamukira m'tauni, koma mtima wofuna kukagona kumudzi sudachoke. Choncho pamaliro padawonjezereka mochale, mankhwala obaya thupi, galimoto yonyamula chitanda, ina yonyamula operekeza, ndi chakudya cha anthu a mbali ziwiri. Chipepeso cha m'mbale chidaleka kukwanira. Apa mpamene inshuwalansi ya maliro idapezera malo, poyamba kudzera m'malo antchito, kenaka kumabanki, lero mpaka pafoni.

Sindikuinyoza. Ndaona mabanja ikuwapulumutsa ku katapila. Koma ili ndi khalidwe limodzi lomwe mudzi udalibe, ndipo ndidaliona pa alamu anga, akazi a malemu achimwene anga.

Achimwene ankayendetsa galimoto pa kampani ina mu Lilongwe. Adalembetsa inshuwalansi ya maliro ya banja lonse, ndipo banki inkadula K4,000 pa 28 mwezi uliwonse. Adalipira zaka zisanu ndi chimodzi osaphonya, ndalama zokwana K288,000. Pangano lidali loti mmodzi wa iwo akamwalira, banja lilandira K1,000,000. Chaka chomwe adamwaliracho malipiro a Epulo adachedwa. Pa 28 banki idayesa kudula, idapeza muakaunti mulibe kanthu. Malipiro adalowa pa 3 Meyi, koma banki siidayesenso, ndipo achimwene, omwe nthawiyo n'kuti atayamba kale kudandaula mutu, sadaone kuti K4,000 ija idakali momwemo. Pa 20 Meyi adamwalira.

M'mawa mwake ndidawaperekeza alamu ku ofesi ya inshuwalansi, atanyamula chitupa cha malemu ndi kalata ya kuchipatala. Mnyamata wa pakauntala adayang'ana pakompyuta nthawi yaitali, kenaka adatsitsa mawu.

"Mayi, pepani kwambiri. Inshuwalansi ya bambo idatha mphamvu pa 13 Meyi. Ya Epulo sadalipire."

"Mwana wanga, bambo ako akhala akulipira zaka zonsezi. Mwezi umodzi wokhawu?"

"Ndikumva, mayi. Koma pangano limapereka masiku 15 okha munthu akaphonya. Atadutsa amenewo, ine palibe chomwe ndingachite."

Alamu adafunsa ngati angapereke K4,000 ija pomwepo, popeza idali muakaunti. Adawayankha kuti munthu akamwalira sizithekanso. Adafunsa ngati angawabwezere zomwe malemu adalipira. Adawayankha kuti ayi. Adakhala pansi pa simenti, pakhomo pa ofesiyo, nayamba kulira maliro omwe adawagwira mumtima kuchokera kunyumba.

Mnyamata uja sadaname, ndipo apa mpomwe ambiri timasokonezeka. Timaiyesa inshuwalansi ya maliro ngati banki m'khonde, momwe ndalama zako zimakudikira. Si choncho. Ndalama ya mwezi uliwonse imagula chitetezo cha mwezi womwewo, ndipo mwezi ukatha popanda maliro ndalamayo yapita kukaika maliro a ena. N'chifukwa chake K288,000 ija sidali ya achimwenenso. Ukaphonya, amakupatsa masiku ochepa oti ukonze. Mapangano ambiri amapereka masiku 30, ena ochepera, ndipo chiwerengerocho chimalembedwa m'timalemba tating'ono tomwe wogulitsa sakuwerengera. Ukamwalira mkati mwa masiku amenewo, kawirikawiri amalipira n'kudulapo ngongole ya mweziwo. Akadutsa, chitetezo chatha. Ngakhale wamoyo akabwerera kukaitsitsimutsa, makampani ambiri amamuyambitsanso nthawi yodikira, miyezi ingapo yomwe imfa ya matenda salipira.

Chomwe sindivomereza n'chakuti munthu wa zaka zisanu ndi chimodzi ndi munthu wa miyezi iwiri apatsidwe masiku ofanana. Sindivomerezanso kuti chitetezo chithe mwakachetechete. Kampani inkadziwa pa 29 Epulo kuti ndalama siidalowe. Inkadziwa nambala ya foni ya achimwene, inkadziwanso dzina la alamu, popeza adalembedwa ngati wolandira. Kuimba foni kumodzi kukadakwanira. M'dziko momwe malipiro amachedwa popanda wantchito kulakwa, komanso momwe kwacha idagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 n'kusiya maakaunti ambiri ali gwa tsiku lodula lisanafike, kuphonya mwezi umodzi si chizindikiro cha munthu wosasamala. Ndiponso mwezi womwe munthu amaphonya nthawi zambiri ndi womwe wadwala, ndalama zikuthera ku mankhwala, imfa ili pafupi.

Achimwene tidakawaika kumudzi ndithu. Amayi a Mvano adasonkha, anzawo oyendetsa galimoto adagula mafuta, ndipo bokosi tidatenga pangongole. Kumudzi tidapeza adzukulu atakumba kale, osafunsa ngati malemu adasonkhapo mwezi watha. Koma chipepeso chidali chochepa kuposa kale, ndipo ndidamva wina akunong'ona kuti a m'tauni ali ndi inshuwalansi. Ichi ndicho chidandipweteka kwambiri: pepala lija lidachotsa manja a anthu ena pamaliro, pomwe ilo lomwe silidalipire.

Titasesa, mwana wamkulu wa malemu adalembera kampaniyo kalata. Adapempha zinthu zitatu: chifukwa chokanira cholembedwa, pepala lonse la pangano, ndi umboni woti bambo ake adachenjezedwa. Adaphatikizapo sitetimenti ya kubanki yoonetsa kuti kuyambira pa 3 Meyi ndalama idalimo. Adanenanso kuti akapanda kukhutira apita ku Reserve Bank of Malawi, komwe kuli ofesi yoyang'anira makampani a inshuwalansi ndi mabanki, yomwe imalandira madandaulo a anthu. Umboni wa chenjezo sudapezeke. Patapita miyezi, kampani idapereka theka la ndalama ija, n'kulemba kuti ndi yachifundo chabe, osati kuvomera mlandu. Ndalamayo idabweza ngongole ya bokosi. Amayi ambiri amasiye omwe alibe mwana wodziwa kulemba kalata yotere amangobwerera pakauntala paja.

Inu amene mukudulidwa ndalama ya maliro mwezi ndi mwezi, tulutsani pepala lanu lero muone masiku omwe amakupatsani mukaphonya. Pemphani kuti tsiku lodula likhale pambuyo pa tsiku lomwe malipiro amalowadi, osati lomwe amayenera kulowa. Mwezi uliwonse onani ngati ndalama yadulidwa, ndipo ikapanda kudulidwa kalipireni pamanja, musunge lisiti. Koposa zonse, auzeni akunyumba kwanu dzina la kampani, tsiku lodula ndi pomwe pepala likukhala, kuti tsiku lomwe mudzagone m'chipatala padzakhale wina wokumbukira.