Kuchepetsa kuwala kwa foni sikupumitsa maso nthawi zonse

Ntchito yanga ndi yokonza mafoni ndi malaputopu m'chigwa cha Shire, ndipo pali langizo limodzi limene ife a ntchitoyi timapereka mosaganizira bwino. Munthu akadandaula kuti mutu ukumupweteka akayang'ana foni usiku, timamuuza kuti achepetse kuwala. Langizoli limathandiza pa masikirini ena, koma pa ena limakulitsa vuto limene munthuyo wabwera nalo. Kuyambira ku Nchalo, Ngabu, Bangula mpaka pa boma la Nsanje, anthu amatsitsa kale kuwala mpaka pansi pofuna kusunga batire, chifukwa kutchajitsa n'kolipira ndipo magetsi sakhalitsa. Anthu sanaiwale mmene namondwe Ana anawonongera malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022. Choncho kuno foni zambiri zimagwiritsidwa ntchito usiku kuwala kwake kuli pansi kwambiri, pamene masikirini ena amavutitsa maso koposa.

Sikirini ya LCD siwala yokha. Kuseri kwake kuli timababu ta LED, ndipo opanga ali ndi njira ziwiri zochepetsera kuwala kwa timababuti. Yoyamba ndi kuchepetsa mphamvu ya magetsi yolowa, ngati kutsitsa chingwe cha nyali ya palafini: moto umachepa koma suzima. Yachiwiri, imene m'mabuku a zipangizo imalembedwa kuti PWM, ndi kusiya timababuto tikuyaka ndi mphamvu yake yonse koma kumatizimitsa ndi kutiyatsa mofulumira kwambiri. Diso limasakaniza kuwala ndi mdimawo n'kuona ngati sikirini yangochita chizimezime. Opanga amaikonda njirayi chifukwa ndi yosavuta kupanga, komanso mitundu ya zithunzi siisintha, pamene kuchepetsa mphamvu kwambiri kumatha kusokoneza mitunduyo. Masikirini a AMOLED alibe mababu kuseri, kadontho kalikonse kamawala kokha, koma ambiri amatsata njira yomweyi ya kuphethira.

Tiyeni titenge sikirini yophethira ka 240 pa sekondi, liwiro limene linali lofala pa mafoni ambiri a AMOLED a zaka zapitazi, amene tsopano amafika kuno ngati akaunjika kapena ochokera ku Joni. Sekondi tikaigawa m'tizigawo 1,000, kuyaka ndi kuzima kumodzi kumatenga tizigawo tinayi ndi pang'ono. Kuwala kukakhala pamwamba, tinene magawo 80 pa 100, sikirini imayaka tizigawo titatu ndi pang'ono, n'kuzima kosakwana kachigawo kamodzi. Mdimawo ndi waufupi. Mukatsitsa kufika pa magawo 20, zinthu zimatembenuka: imayaka kosakwana kachigawo kamodzi, n'kukhala mumdima tizigawo toposa titatu. Kumene mukuyang'ana tsopano si kuwala kofatsa ayi, koma kung'anima kwakuthwa kolekanitsidwa ndi mdima, ka 240 pa sekondi iliyonse. Ndipo mukuyang'ana m'chipinda chamdima, foni ili pafupi ndi nkhope, diso litatseguka kwambiri kuti lilandire kuwala.

Wina anganene kuti chimene diso silikuchiona sichingalipweteke. N'zoona kuti kuphethira kukapitirira ka 60 mpaka 90 pa sekondi anthu ambiri sakuonanso. Koma kusaona sikutanthauza kuti minyewa ya m'diso yasiya kukulandira. Komanso powerenga diso siliima malo amodzi, limadumpha kuchoka pa liwu lina kupita pa lina. Pamene likudumpha, kung'anima kulikonse kumagwera pamalo osiyana m'kati mwa diso, ndipo ubongo umalandira zithunzi zoduka zimene uyenera kulumikiza. Umboni wake unayamba kale, mafoniwa asanabwere. Mu 1989 Arnold Wilkins ndi anzake ku Britain anafufuza anthu ogwira ntchito m'maofesi okhala ndi mababu aatali a chubu, amene pa magetsi a 50 Hz ngati a ESCOM amaphethira ka 100 pa sekondi. Atawaikira zida zopangitsa mababuwo kuphethira maulendo masauzande ambiri pa sekondi, kudandaula kwa mutu ndi maso kunatsika ndi theka ndi kupitirira, anthuwo asakudziwa kuti mababu asinthidwa liti. Mu 2015 bungwe la akatswiri a zamagetsi la IEEE linatulutsa malangizo otchedwa IEEE 1789. Mwa kuwerengera kwawo, pa 240 Hz kusiyana kwa kuwala ndi kuzilala kusapitirire magawo 19 pa 100 kuti chiopsezo chikhale chochepa, pomwe sikirini yozima kotheratu imafika pa 100. Kuphethira kozima kotheratu amakuona kuti n'kochepa chiopsezo kukapitirira ka 1,250 pa sekondi.

Kutsutsa kwachiwiri n'kolemera kwambiri, ndipo sindikupeputsa. Kuno mutu uli ndi zoyambitsa zambiri: kutentha kwa Okutobala ndi Novembala kopitirira madigiri 40, kuchepa kwa madzi m'thupi kwa munthu amene watandala m'munda kapena m'minda ya nzimbe, malungo, kuthamanga kwa magazi, maso ofuna magalasi. Mutu wobwera ndi kutentha thupi, kusanza kapena kuuma khosi ndi wa kuchipatala tsiku lomwelo, osati wa pa benchi yanga. Ndiponso anthu ambiri amagwiritsa ntchito masikirini ophethira osamva kanthu. Amene amavutika kawirikawiri ndi aja odwaladwala mutu waching'alang'ala. Koma mutu wa sikirini uli ndi khalidwe lake. Umayamba munthu akawerenga kwa kanthawi, umamveka kuseri kwa maso kapena pamphumi, umabwera usiku kuwala kuli pansi koma osati masana pamene dzuwa limakakamiza kukweza kuwala mpaka pamwamba, ndipo umasiya akabwereka foni ina. Nthawi zina umayamba atangosinthitsa sikirini yosweka, chifukwa yolowa m'malo siikhala yofanana ndi yoyamba nthawi zonse. Apa mlandu ndi wa ife okonza.

Kuyesa sikufuna chida chodula. M'chipinda chamdima, tsegulani tsamba loyera, tsitsani kuwala, kenako gwedezani cholembera mofulumira patsogolo pa sikirini. Mukaona chithunzithunzi chimodzi chosalala, kuwalako n'kokhazikika kapena kukuphethira mofulumira kwambiri. Mukaona zolembera zingapo zitandandalikana ngati mano a chipeso, sikiriniyo ikuphethira. Njira ina imene ndimaidalira ndi kamera ya foni yachiwiri: muiike pa Pro, liwiro lojambulira likhale 1/4000, n'kuloza sikiriniyo. Mizere yakuda imaoneka, ndipo imanenepa pamene mukutsitsa kuwala. Kamzere kamodzi kowonda pa AMOLED yowala kwambiri si vuto. Chofunika ndi kukweza kuwala pang'onopang'ono mpaka pamene mizere yonenepayo yatha kapena yawonda, n'kuonetsa mwini foni malo amenewo kuti asamatsike kupitirira apo.

Sikirini ikawala kwambiri pamalo amenewo, mdima tiziupeza kwina. Mafoni a Android 12 kupita m'tsogolo ambiri ali ndi Extra dim, ndipo iPhone ili ndi Reduce White Point. Zimenezi zimadetsa chithunzi chenichenicho m'malo motalikitsa nthawi yozima. Mafoni ena ali ndi DC dimming, ndipo ena atsopano amaphethira ka 1,920 kapena 3,840 pa sekondi, monga Honor 90 ya 2023. Funso la batire likadalipo, ndipo sindinganame: pa LCD mababu akuseri akakhala okwera batire imatha msanga ngakhale chithunzi chitadetsedwa. Pa AMOLED kuika Dark mode kumabweza mbali ya mphamvuyo, chifukwa kadontho kakuda sikadya magetsi. Kwa amene ali ndi LCD yophethira, ndimati ayatse kanyali ka sola kumbali kuti chipinda chisakhale bii, akweze kuwala pang'ono, ndipo mphamvu aisunge pozimitsa data pamene sakuigwiritsa ntchito.