Tsitsi la Eni Ake

Takondwa anabadwira ku Tshabalala, mumzinda wa Bulawayo, ndipo ku Malawi sanapondeko chibadwire. Bambo wa agogo ake aakazi anachoka ku Ntcheu m'zaka za chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chija chinayamba mu 1953 n'kutha mu 1963, nadzagwira ntchito ya njanji ndi kukhala ku Sizinda, dera loyandikana ndi Tshabalala limene kufikira lero mukumveka Chinyanja. Atakalamba anabwerera kumudzi pamodzi ndi mwana wawo wamng'ono, koma wamkulu, aNambewe, anatsala chifukwa anali atakwatiwa kale. Ndiwo analera Takondwa. Mtsikanayu amalota m'Chindebele, amalemba mayeso m'Chingerezi, ndipo Chichewa amachimva bwino koma amachilankhula mochita kusankha mawu, ngati munthu wowoloka mtsinje podumpha pamiyala.

Chaka chimene anali mu Fomu 4, mng'ono wa aNambewe anatumiza uthenga wa mawu pa WhatsApp kuchokera ku Ntcheu. Maso awo anali atayamba kuchita khungu, ndipo anati akufuna aone nkhope ya mdzukulu wa akulu awo kuwala kusanatheretu. Agogo anakana kutumiza chithunzi cha pafoni. Anamasula madola awiri pansonga ya nsalu nati mwanayo akajambulitse kwa wodziwa ntchito, chithunzi choti mbale akachione osachita manyazi.

Loweruka m'mawa Takondwa anachapa tsitsi lake, nalidzoza mafuta, nalipesa ndi chipeso cha mano otalikirana kufikira linaima mozungulira mutu. Mnyamata wojambula, amene ali ndi kachipinda kuseri kwa mashopu, anamujambula katatu namuuza kuti abwere Lolemba.

Chimene anatulutsa mu envulopu Lolembalo chinali chithunzi chokongola ndithu. Mtsikana wa pachithunzipo anavala bulauzi ya Takondwa ndipo anali ndi maso a Takondwa, koma tsitsi lake linali lowongoka, lonyezimira, logawidwa pakati ndi kugwera pamapewa. Takondwa anachiyang'ana ali chiimire panja pa kachipindako. Poyamba anaseka. Kenaka anagwira m'mutu mwake, ngati wofuna kutsimikiza kuti tsitsi lake likadalipo.

Ntchito yotereyi siivuta kwa munthu wodziwa Photoshop, ndipo imasiya zizindikiro. Tsitsi lopotana lili ndi m'mphepete mosalongosoka, timaulusi tambirimbiri timene kuwala kumadutsamo, ndipo kulilekanitsa ndi nsalu ya kumbuyo kumadya nthawi. Njira yachidule ndiyo kulifufuta lonse, kudula tsitsi pachithunzi cha munthu wina, kulisanjika pamwamba ngati chisoti, n'kulikoka ndi chida chotchedwa Liquify kufikira litakwana mutu. Atafika kunyumba, Takondwa anachiika chithunzicho pafupi ndi zenera nayamba kuona zonsezi chimodzichimodzi. Nyali ya wojambula inali kumanzere, ndipo tsaya lake lamanzere ndilo linkawala, koma tsitsilo linkanyezimira kumanja. Pamene tsitsi limayambira pamphumi panali mzere woongoka ngati wojambula ndi lula, popanda timatsitsi tating'ono tija timamera mobalalika pachipumi cha munthu aliyense. Makutu onse awiri anakwiriridwa. Chipumi chake chachikulu, chimene anzake ankamuseka nacho ku pulayimale, chinachepetsedwa pafupifupi ndi theka, ndipo n'chifukwa chake nkhope yonse inaoneka yopyapyala, yachilendo, ngakhale mphuno ndi milomo sizinakhudzidwe.

Agogo, m'malo mokwiya, anachikonda chithunzicho. "Ukuoneka ngati namwino wa ku Mpilo," anatero, akuchiyandikiza ndi kuchitalikitsa. Sanali kunyoza. Iwo anakula m'nthawi imene mtsikana wopita ku ukwati ankawotcha tsitsi ndi chipeso chachitsulo chotenthetsa pa pulayimasi, ndipo pakhutu lawo lamanja pali chipsera cha ntchito imeneyo. Kwa iwo tsitsi lowongoka linali ngati nsapato zopukuta bwino, chizindikiro chakuti munthu wakonzekera kuonekera pagulu.

"Agogo, koma uyu sindine," anatero Takondwa.

"Nanga ndani? Bulauziyi ndinagula ndine."

Mtsikanayo anasowa mawu a Chichewa ofotokozera, natembenukira ku Chindebele. Anati wojambula uja wamuchotsa isithunzi. Agogo anakhala chete pang'ono, pakuti mawu awiriwa ndi apachibale. M'Chichewa chithunzi ndi chimene kamera imajambula, ndipo chithunzithunzi ndi mthunzi wa munthu umene umamutsata pansi. M'Chindebele isithunzi ndi mthunzi womwewo, komanso ulemu, kulemera kumene munthu amalowa nako pakhomo. Mwana wa zilankhulo ziwiri anali kunena kuti analipira chithunzi, koma analandira chopanda mthunzi wake.

Komabe agogo anachijambula ndi foni natumiza ku Ntcheu usiku womwewo. Yankho linafika m'mawa. Mayi wokalambayo anayamika kwambiri, monga mwa ulemu, nati mwanayo ndi wokongola. Kenaka mawu awo anazengereza. "Koma achemwali, ameneyu watengera kuchimuna eti? Ndayang'ana chipumi cha amayi athu, sindikuchiona. Ngakhale makutu aja a kwathu." Anali atayembekezera kuti apeza amayi awo pankhope ya mwana amene sanamuonepo, ndipo zinthu ziwiri zimene ankafunafuna ndizo zimene tsitsi la eni ake linaphimba.

Zoterezi sizichitikira ana a m'makomboni okha. Mu Novembala 2017 magazini ya Grazia ya ku Britain inaika pachikuto chake Lupita Nyong'o, katswiri wa mafilimu wa ku Kenya amene anali atapambana kale mphoto ya Oscar, tsitsi lake lopotana limene analimanga kumbuyo litafufutidwa pachithunzipo ndipo lotsalalo litasalazidwa. Iye anadandaula poyera, ndipo magaziniyo ndi wojambula wake anapepesa. Kusiyana kwake n'kwakuti dandaulo la Lupita linamveka dziko lonse, pamene Takondwa anayenera kubwerera yekha kukachipinda kuseri kwa mashopu, kukayang'anizana ndi munthu amene ankaganiza kuti wamuchitira zabwino.

Ndipo mnyamatayo anadabwadi. Anati makasitomala ambiri amachita kumupempha zimenezi, ena amawonjezera ndalama kuti awayeretsenso khungu, ndipo iye anamuchitira ulere poona kuti ndi mwana wa sukulu. Sanamufunse chifukwa sanaganize kuti pali mtsikana amene angakane. Apa ndi pamene panalakwika, pakuti luso analinalo, koma funso limodzi lokha silinamufike m'mutu. Takondwa sanakangane naye. Anangopempha chithunzi choyamba, chimene chinachokera m'kamera. Mwamwayi mnyamatayo anali asanafufute khadi ya kamerayo. Pa kompyuta anali atasunga chosinthidwacho pamwamba pa choyamba, ndipo pakanapita sabata ina chikanatheratu.

Chenichenicho sichinali chosalala. Nsalu ya kumbuyo inali ndi makwinya, pachibwano panali kachiphuphu, ndipo tsitsi mbali imodzi linaphwanyika pang'ono pamene anatsamira pampando podikira. Anachitumiza yekha ku Ntcheu, ndi uthenga wa mawu umene anaubwereza kanayi asanakhutire ndi Chichewa chake. Yankho linali lalitali, ndipo theka lake linali la mayina a anthu amene anamwalira kalekale, amene chipumi chimenecho chinadutsamo.

Chosinthidwa chija aNambewe sanalole kuti chitayidwe. Anati madola awo awiri sangathere m'dzala, ndipo anachiika m'kabati ya magalasi pakati pa makapu a alendo. Alendo akafunsa kuti ndani, amayankha kuti ndi Takondwa, ndipo Takondwa akakhala pafupi amati ndi mtsikana wina amene anabwereka bulauzi yake.